Kuwerenga matumba pa chithunzi cha pikiapu

Ntchito yanga ndi yokonza maulendo a galimoto zonyamula mbewu, ndipo masiku ano katundu wambiri ndimayamba kumuona pa foni asanafike pa sikelo. Wamalonda ali ku Lilongwe, chimanga chake chikupakiridwa ku Mchinji, dalaivala amalipitsa pa thumba, ndiye umboni wokhawo ndi chithunzi. Ambiri amawerenga matumba amene akuoneka, n'kuwonjezerapo ena mwa m'mutu. Njira imeneyi ndi imene imayambanitsa anthu, chifukwa pafupifupi theka la katundu limakhala litabisika m'bodi.

Ine sindiyambira pa matumba, ndimayambira pa galimoto. Toyota Hilux ya zitseko ziwiri ili ndi bodi yotalika pafupifupi mamita 2.3, m'lifupi mwake mita imodzi ndi theka, ndipo kuzama kwake kumayandikira theka la mita. Ya zitseko zinayi bodi yake ndi yaifupi, pafupifupi mita imodzi ndi theka basi, choncho amene sanaone kusiyana kumeneku walakwitsa kale asanawerenge n'komwe. Kenako thumba. La chimanga la makilogalamu 50, likasokedwa n'kugonekedwa, limatenga malo a masentimita ngati 90 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndipo kunenepa kwake kumapitirira pang'ono masentimita 20.

Tsopano tiyeni tipakire limodzi Hilux ya zitseko ziwiri ija. Matumba atatu amagona mondondozana kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Kumbuyo kwawo kumagonanso ena atatu, ndipo kumatsala kampata ka theka la mita komwe kumalowa thumba limodzi chopingasa. Mzere wathunthu ndiye kuti ndi matumba 7. Koma mzere wapansi sukwana 7, chifukwa pamene pali matayala akumbuyo bodi inatumphuka mbali zonse ziwiri, ndipo pamenepo pamadyeka malo a thumba limodzi. Wapansi tiuwerengere 6, wachiwiri 7. Mizere iwiri imeneyi imathera m'kati mwa bodi, ndiye kuti matumba 13 kamera siiwaona.

Tinene kuti pa chithunzi pakuoneka mizere ina iwiri pamwamba pa bodi. Wachitatu ndi wathunthu, matumba 7. Wachinayi anyamata opakira amaulowetsa m'kati kuti katundu asagwe pokhota, ndiye nthawi zambiri umakhala ndi 5. Onse pamodzi ndi 25. Ine ndikamauza mwini katundu sinditchula nambala imodzi, ndimati ali pakati pa 24 ndi 27, chifukwa opakira ena amadziwa kuthithikiza. Koma dalaivala akanena kuti wanyamula 35, chithunzicho chamutsutsa, chifukwa matumba 35 amafuna mizere isanu yodzaza ndi kapamwamba, ndipo muluwo ukanaonekera pamwamba pa denga la kebini.

Ndikamaliza kuwerenga ndimayang'ana pansi pa galimoto. Pikiapu ya mtundu umenewu inapangidwa kuti inyamule pafupifupi tani imodzi, omwe ndi matumba 20, kuphatikizapo anthu okweramo. Matumba 25 ndi makilogalamu 1,250, choncho kumbuyo kuyenera kuoneka kotsika, mphuno itadzuka, mpata wa pakati pa teyala ndi madigadi utachepa. Mulu ukakhala wautali koma galimoto yaima chilili ngati ilibe kanthu, pali nkhani. Mwina pakati pa mulu pali mphako, mwina pansi pagona teyala la sipeya kapena madilamu, mwinanso m'matumbamo si chimanga koma madeya kapena mtedza wosasenda. Chenjezo n'lakuti eni galimoto ena amawonjezera masipuling'i, ndipo yotereyo siitsika msanga ngakhale ilemedwe. Mabuleki ake sasintha ayi, ndipo ichi chimandidetsa nkhawa kuposa nkhani ya ndalama.

Masamu onsewa ndi a chimanga. Thumba la simenti nalonso ndi makilogalamu 50, koma limatenga theka la malo a thumba la chimanga, motero matumba 20 a simenti amatha kubisala m'bodi osaoneka n'komwe galimoto itadzaza kale. Makala ndi opepuka, mulu wake umanyenga maso. Komanso kumisika yakumudzi matumba amashindiridwa mpaka kusokerera pakamwa, ndiye kudziwa kuchuluka kwa matumba sikudziwa kulemera kwake. Zimenezo ndi za sikelo.

Chithunzi chojambulidwa kumbuyo kokha sichindithandiza kwenikweni, chifukwa chimakulitsa matumba apafupi n'kubisa utali wa bodi. Ndimapempha zitatu: cha m'mbali, wojambula ataima patali ndithu kuti galimoto yonse ndi matayala zioneke, chakumbuyo, nambala ya galimoto ikuwerengeka, ndi china cha mzere woyamba utangogonekedwa. Zonse zijambulidwe asanafunditse tenti ndi kumanga zingwe.