Mzere womaliza umene sudzapeza njira

M'chaka cha 1913, Henry Dudeney, Mngelezi wodziwika popeka mafunso ozunguza mutu, anaika funso ili m'magazini ya Strand. Pali nyumba zitatu, ndipo palinso malo atatu kochokera madzi, gasi ndi magetsi. Nyumba iliyonse ilumikizidwe ku malo onse atatuwo, koma pojambula papepala mizere isadutsane. Mwiniwakeyo ananena kuti funsoli linali lakale kale ngakhale pa nthawiyo.

Amene amayesa onse amakakamira pamalo amodzi. Mizere 8 imalowa ndithu mukaikhotetsa mwanzeru, koma wa 9 umapeza kulikonse kwatsekedwa. Mukafufuta n'kuyambiranso, umene watsala kunja umangokhala wina. Komatu kulephera kwa anthu ambirimbiri si umboni, chifukwa mzere ungakhote m'njira zosawerengeka ndipo palibe angaziyese zonse. Pafunika mfundo imene ingatseke njira zonsezo nthawi imodzi, ndipo mfundoyo ndi ya kuwerenga chabe.

Akatswiri a masamu amatcha chojambula cha madontho olumikizidwa ndi mizere kuti girafu. Ya nyumba zija imalembedwa K3,3: madontho 6 ogawidwa m'magulu awiri a atatuatatu, ndipo dontho lililonse limalumikizidwa ku onse a gulu linalo, zomwe zikupereka mizere 3 × 3 = 9. Inzake ndi K5, ya madontho 5 olumikizana onse, lililonse ndi lililonse. Dontho limodzi limatulutsa mizere 4, kuphatikiza onse 20, koma popeza mzere uliwonse wawerengedwa kunsonga zake zonse ziwiri, mizere yeniyeni ndi 10.

Chida chathu chinachokera kwa Leonhard Euler, amene mu 1750 analembera mnzake Christian Goldbach za kuwerenga ngodya, mphepete ndi mbali za zinthu zooneka ngati bokosi. Lamulo lakelo limagwiranso papepala. Girafu ikajambulidwa mizere yosadutsana, pepala limagawika m'zigawo, ndipo dera lakunja lozungulira chojambulacho nalonso limawerengedwa ngati chigawo. Madontho tikawatcha V, mizere E, zigawo F, bola girafuyo ikhale yolumikizana yonse, timapeza kuti V − E + F = 2.

Yesani nokha. Jambulani sikweya, kenako mzere umodzi kuchoka pangodya ina kukafika pangodya yoyang'anizana nayo. Madontho ndi 4, mizere 5, zigawo 3, ziwiri mkati ndi chimodzi kunja. Ndiye 4 − 5 + 3 = 2. Chifukwa chake sichovuta kuona. Mukafufuta mzere umene ukulekanitsa zigawo ziwiri, zigawozo zimasanduka chimodzi, kotero E ndi F zonse zatsika ndi 1 ndipo yankho silinasinthe. Pitirizani mpaka pasakhale njira yozungulira yotsala. Chotsalacho chili ndi chigawo chimodzi chokha, ndipo madontho ake amaposa mizere ndi 1. Apo ndi pamene 2 uja akuchokera.

Tsopano tiyerekeze kuti wina wakwanitsa kujambula K5 popanda kudutsanitsa mizere. Sitikufuna ngakhale kuona pepala lake. Madontho 5 ndi mizere 10 zikutiuza kale kuti 5 − 10 + F = 2, kutanthauza kuti ali ndi zigawo 7. Chigawo chilichonse chimafuna mizere yosachepera 3 kuti chitsekeke, popeza mizere iwiri yokha ingatseke malo pokhapokha italumikiza madontho awiri omwewo, ndipo mu K5 mulibe zimenezo. Zigawo 7 zikufuna 7 × 3 = 21. Nanga mizere ingapereke zingati? Mzere uli ngati malire a pakati pa minda iwiri: umatumikira kuno ndi uko, basi. Mizere 10 ingapereke mbali 20 zokha. Zofunika ndi 21, zilipo ndi 20. Chojambula chimene munthuyo akunena kulibe.

Kusiyana kwake ndi 1 yekha, n'chifukwa chake K5 imanyenga maso: chotsani mzere umodzi uliwonse, 9 yotsalayo ijambulika bwinobwino. Kuwerenga komweku kumalembedwa mwachidule kuti E ≤ 3V − 6. Madontho akakhala 5, malire ndi mizere 9.

Pa K3,3 m'pamene pali msampha, ndipo ophunzira ambiri amagweramo. Akangoloweza E ≤ 3V − 6, amaikamo madontho 6 n'kupeza 12. Poona kuti mizere 9 siinafike pa 12, amagamula kuti nyumba zija zingalumikizidwe. Cholakwika n'chakuti lamuloli limangogwira mbali imodzi. Girafu yopyola malirewo siingajambulike popanda kudutsana, zimenezo n'zoona, koma imene siinapyole sinapatsidwe chilolezo ayi. Lamulolo langokhala chete pa iyo.

Tibwerere ku zigawo. Madontho 6 ndi mizere 9 zikupereka 6 − 9 + F = 2, ndiye zigawo ndi 5. Tikati chilichonse chifuna mizere 3, tipeza 15, ndipo mbali zilipo 18, palibe vuto looneka. Koma kodi chigawo cha mizere 3 chingapezeke muno? Yendani m'mphepete mwa chigawo chilichonse. Mukachoka panyumba mufika pa madzi, gasi kapena magetsi, chifukwa palibe mzere wochoka panyumba kupita panyumba ina. Mukachoka pamenepo mufikanso panyumba. Mukusinthanasinthana choncho, ndipo kuti mubwerere pamene munayambira, masitepe anu ayenera kukhala ogawika pawiri. Atatu sangatheke. Chigawo chaching'ono koposa chili ndi mizere 4, mwachitsanzo nyumba yoyamba, madzi, nyumba yachiwiri, gasi, n'kubwerera. Choncho zofunika ndi 5 × 4 = 20, pamene mizere 9 ingapereke 18. Zaperewera ziwiri, ndipo funso la Dudeney lilibe yankho papepala.

Kwa ine, umboni wachiwiriwu ndi umene umaphunzitsa zambiri. Wa K5 umangofuna kuwerenga, koma wa K3,3 umakakamiza munthu kuyang'ana mmene girafuyo inapangidwira asanayambe kuchulukitsa manambala.

Mu 1930, Kazimierz Kuratowski wa ku Poland anatsimikiza chinthu chachikulu kuposa apa. Girafu iliyonse imene singajambulike popanda kudutsana, kaya ikhale ya madontho masauzande, imakhala itabisa K5 kapena K3,3 mkati mwake, mwina ndi madontho ena oonjezera m'kati mwa mizere yake. Palibenso chopinga chachitatu. Zimene tachita pamwambapa ndi mbali yopepuka ya nkhaniyo, yoonetsa kuti ziwirizi ndi zopingadi. Kuonetsa kuti ndi zokhazo n'kumene kunali ntchito.

Onani kuti umboni wonse watsamira pa 2 wa Euler, ndipo 2 ameneyu ndi wa pepala komanso wa pamwamba pa mpira. Pa chubu cha tayala la njinga, chimene chili ndi bowo pakati, nambalayo imakhala 0, malinga ngati palibe chigawo chimene chazungulira chubucho. Werenganinso: 6 − 9 + F = 0 ikupereka zigawo 3, zofuna mbali zosachepera 12, ndipo zilipo 18. Kutsutsana kuja kwatha. Ndipotu pa chubu nyumba zitatu zija zimalumikizidwa zonse popanda mzere wodutsa unzake, ndipo njira imodzi yojambulira imagawa chubucho m'zigawo 3 za mizere 6 chilichonse. K5 nayonso imakwanapo, m'zigawo 5 za mizere 4.