Nkhani ya Freddy tiiyambire pati? Kusanja nkhani yaitali mwa piramidi yozondoka

Mlendo akafika pakhomo n'kuyamba malonje, amayambira kumene wachokera: mmene anadzukira, mmene anayendera, amene anakumana nawo panjira, ndipo chimene wadzera amachitchula pomaliza. Ambiri amene angoyamba kumene utolankhani amalembanso chimodzimodzi, kutsata zinthu mmene zinachitikira. Koma wowerenga nyuzipepala sakhala pamphasa kudikira kuti mlendo amalize. Amaponya diso pa mutu, n'kuwerenga ndime imodzi kapena ziwiri, ndipo akapanda kupeza chimene chachitika amatembenuza tsamba.

N'chifukwa chake akonzi amasanja nkhani mwa njira yotchedwa piramidi yozondoka. Mbali yaikulu imakhala pamwamba, nsonga n'kuloza pansi: mfundo yolemera kuposa zonse imatsogola, zocheperapo n'kumatsatira, mpaka ndime yomaliza imene ingachotsedwe nkhani osaonongeka.

Tiyerekeze kuti ndi Lolemba, pa 13 Malichi 2023, ndipo mtolankhani wapereka kwa mkonzi nkhani ya ndime 20 yokhudza namondwe wa Freddy. Wayamba ndi mmene namondweyo anabadwira panyanja kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, n'kuwoloka nyanja ya India, kuomba Madagascar ndi Mozambique, kubwerera kunyanja, kenako kulowanso kumtunda cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Mvula ya ku Blantyre yafika m'ndime yachisanu ndi chiwiri, ndipo matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ali m'ndime ya 10. Zoti anthu 99 atsimikizika kuti afa, 85 mwa iwo a mu Blantyre, zabisala m'ndime ya 16, ndipo zoti Pulezidenti Lazarus Chakwera walengeza kuti maboma akummwera ali pa ngozi yadzidzidzi zili kumapeto kwenikweni. Zonse zimene walembazo n'zoona. Cholakwika ndi kasanjidwe kokha.

Mkonzi sayamba n'kulemba. Amawerenga nkhani yonse cholembera chili m'manja, n'kumadula mzere pansi pa mayankho a mafunso asanu ndi limodzi: chachitika n'chiyani, chachitikira ndani, kuti, liti, motani, ndiponso chifukwa chiyani. Akatero amadzifunsa kuti, munthu atangomva chiganizo chimodzi chokha lero, ayenera kumva chiti? Pa nkhani yathuyi mfundo zopikisana ndi ziwiri, imfa za anthu ndi chilengezo cha Pulezidenti. Ine ndingatsogoze imfazo. Chilengezocho chabwera chifukwa cha imfa ndi kuonongeka kwa katundu, ndipo munthu amene ali ndi mbale wake ku Chilobwe akufuna kudziwa kukula kwa tsokalo asanamve zimene boma lanena. Chizolowezi choika dzina la wamkulu patsogolo pa nkhani iliyonse chakwirira nkhani zambiri zabwino.

Ndime yotsegulira ingakhale motere: "Anthu 99 afa kuchigawo chakummwera, 85 mwa iwo mu Blantyre, chifukwa cha mvula yamkuntho ya namondwe wa Freddy, yatero nthambi ya boma yoona za ngozi zadzidzidzi Lolemba." Chiganizocho n'chimodzi, mawu ake sakufika 30, koma chanena chimene chachitika, kumene chachitikira, chimene chachititsa ndi amene wanena. Sichinayankhe mafunso onse asanu ndi limodzi, ndipo sichiyenera kukakamizidwa kutero. Ndime yotsegulira ikasenza zonse imalemera, wowerenga n'kuiwala chiyambi asanafike kumapeto.

Kutchula amene wanena ndi tsiku limene wanena si mwambo chabe. Tsiku lotsatira chiwerengero cha omwalira chinafika pa 190, ndipo chinapitirira kukwera kwa masabata. Nambala ya 99 inali yoona pa tsiku lake, yochokera pakamwa pa mwini wake, ndipo wowerenga ayenera kuona zimenezo.

Ndime yachiwiri itenge chilengezo cha Pulezidenti. Yachitatu ndi yachinayi zifotokoze za ku Chilobwe, pamodzi ndi mawu a munthu amene anaona ndi maso ngati mtolankhani anawabweretsa. Kenako zibwere zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku, monga kuimitsidwa kwa sukulu m'maboma okhudzidwa ndi kuzima kwa magetsi. Ulendo wa namondweyo kuchokera kufupi ndi Australia, umene unali ndime zisanu ndi imodzi zoyambirira, utsike pansi n'kufupikitsidwa kukhala ndime ziwiri.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kusuntha ndime n'kosavuta pa kompyuta, koma ndime iliyonse inalembedwa motsamira inzake ya pamwamba. Ndime ya 16 ikakwera n'kukhala yoyamba, ikhoza kukhala ikuyamba ndi mawu akuti "mkuluyu anaonjezeranso kuti", pamene mkuluyo anatchulidwa dzina ndi udindo m'ndime ya 14, imene tsopano ili pansi. Wowerenga adzafunsa kuti mkulu wake uti. Choopsa kwambiri ndi pamene ndime yotere yagwera pansi pa dzina la munthu wina, chifukwa mawu a mkulu wa nthambi ya ngozi zadzidzidzi angaoneke ngati anayankhula ndi Pulezidenti. Mawu osonyeza nthawi nawonso amasokonekera. "Kenako", "tsiku lotsatira" ndi "patapita maola ochepa" amakhala ndi tanthauzo nkhani ikamayenda motsata nthawi, koma ikasanjidwa potengera kulemera kwa mfundo ayenera kulowedwa m'malo ndi tsiku lenileni, Loweruka kapena Lamulungu. Choncho mkonzi akamaliza kusanja, awerengenso kuchokera pamwamba ngati munthu amene sanaione nkhaniyo, n'kuima pa "iye", "iwo", "mkuluyu" ndi "kumeneko" aliyense, kuona ngati mwini wake watchulidwa kale. Dzina lonse ndi udindo zipite pamene munthuyo akuonekera koyamba m'kasanjidwe katsopano.

Mutu umalembedwa ndime yotsegulira itakhazikika, chifukwa umachokera m'menemo. "Freddy wapha anthu 99 kummwera" ndi mawu asanu, muli mneni, ndipo palibe chimene akunena chimene mulibe m'nkhani. Mutu wakuti "Za namondwe wa Freddy" sukuuza munthu kanthu. Wakuti "Anthu 99 afa mu Blantyre" ndi woopsa kuposa pamenepo, chifukwa pofuna kufupikitsa wasakaniza nambala ziwiri n'kunena bodza: a mu Blantyre anali 85. Anthu ambiri amangowerenga mutu wokha, ndipo bodzalo ndi limene adzauze anzawo m'minibasi.

Timitu ta m'kati timathandiza nkhani ikatalika. Kamutu kamodzi pakatha ndime zinayi kapena zisanu n'kokwanira, ndipo kaikidwe pamene nkhani ikukhota, osati pamene pangooneka mpata. M'nkhani yathuyi titatu tingakwane: "Matope akwirira nyumba ku Chilobwe", "Sukulu zaima, magetsi azima", ndi "Kumene namondweyu wachokera". Pamwamba pa ndime yotsegulira sipafunika kamutu, poti mutu waukulu uli pomwepo.

Poyesa ngati ntchito yatheka, phimbani ndime yomaliza ndi dzanja n'kuwerenga zotsalazo, kenako phimbani ziwiri, zitatu, mpaka mutsale ndi theka. Ngati nkhani ikumvekabe ndipo palibe mfundo yaikulu imene yapita, yasanjika bwino. Mukapeza kuti pophimba mwabisa malo amene anthu othawa madzi akusungidwa, ndiye kuti mfundo imeneyo munaipeputsa, ikwezeni. Kuyesaku kumafanana ndi zimene zimachitikadi usiku nyuzipepala ikamapita kokasindikizidwa: malo akachepa, woyala tsamba amadula kuchokera pansi, ndipo akachotsa ndime za ulendo wa namondwe ayenera kukumbukira kuchotsanso kamutu kake, kuti kasatsale kokha kumapeto kwa nkhani.