Chuku mu mtedza, chimanga ndi nyemba: muzichiona musanalipire

Abale anga amene timanyamula mtedza, ufa ndi nyemba kupita ku Joni, nkhani ya chuku tisamaitenge ngati ya alangizi okha. Ndalama zimene zimaola m'thumba muja ndi zathu.

Chuku china, makamaka chobiriwira mwachikasu chija, chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini. Chukucho mutha kuchiona, koma poizoniyo saoneka, sanunkha, ndipo satha ngakhale mukazinge, muphike kapena musinje. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, ndipo akachuluka amapha msanga. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Malamulo a ku South Africa salola kupitirira magawo 10 pa biliyoni m'chakudya. Pa thumba la makilogalamu 50, ndi theka la miligalamu basi. Ndiye njere zochepa zoola zimakwana kuipitsa thumba lonse.

Kwa ine vuto lalikulu ndi mtedza woswa kale. Ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, komanso kuti mtedza ulemere pa sikelo. Pamsika umaoneka bwinobwino. Koma tausokerani m'thumba, muukweze pansi pa lona, udutse Tete kotentha kuja, uchedwe pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge. Kutentha ndi chinyezi ndiye zakudya za chuku.

Ndikafika pa wogulitsa, kaya ku Mchinji kaya ku Kasungu, sindikhutira ndi wapamwamba, chifukwa wokongolayo amauika dala pakamwa pa thumba. Ndimapisa dzanja mpaka pakati. Mkati mukafunda kapena njere zikamakakamira kudzanja, thumbalo ndimalisiya, ngakhale atsitse mtengo. Likapambana pamenepo, timalikhuthulira pa lona, nditape pamwamba, pakati ndi pansi, ndisakanize, ndiwerenge njere 100 pa lichero. Ndimapatula zofota, zosweka, zobooka, zakuda ndi zosintha mtundu. Zina khumi zooneka zabwino ndimazibanthula pakati, poti chuku chimabisala mkati khungu lili bwino. Mtedza wouma umathyoka kuti thwa, khungu n'kumasupuka mukaufikisa. Wonyowa umakhala ngati mphira.

Tinene kuti mwa njere 100 zija, 8 ndi zoipa. Ndiye kuti pafupifupi makilogalamu 4 pa thumbalo mudzataya, ogulitsa ndi 46. Mtengo mukambirane pa 46, osati pa 50. Koma ndikapeza ufa wobiriwira mkati mwa njere ngakhale ziwiri zokha, kapena fungo la m'nyumba yotsekedwa nthawi ya dzinja, palibenso zokambirana. Kusankha kumachepetsa poizoni kwambiri, koma sikutsuka thumba lomwe laola kale.

Chimanga ndimayesa ndi mchere. Tengani botolo lagalasi louma, muikemo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chouma chimafika pa 13 peresenti ya chinyezi, pamene mtedza woswa umafuna 7 kapena 8. Onaninso pamtima pa njere ngati pada, ndi mabowo a anankafumbwe, chifukwa chuku chimalowera momwemo. Ufa wogayitsa kale suonetsa kanthu, n'chifukwa chake ine ndimagula chimanga, ndisankhe, ndikagayitse ndekha. Nsinjiro ndi chiponde chimodzimodzi.

Nyemba, nandolo ndi khobwe sizigwidwa poizoniyu kwambiri ngati mtedza, koma zikanyowa zimachitanso chuku. Zikagwirana mabulumwa, kuzimirira mtundu kapena kunkha fumbi lonyowa, zisiyeni.

Katundu akafika, ambirife timasunga m'chipinda cha lendi kapena m'galaja ya malata. Musagoneke matumba pa simenti. Ikani pa mapaleti, atalikirane ndi khoma, mpweya uzidutsa. Thumba limene lanyowa panjira litsegulidwe tsiku lomwelo n'kuyanikidwa, lisadikire Loweruka. Matumba osalowa mpweya aja ndi abwino pa chimanga ndi nyemba zouma kale, koma mukatsekeramo zonyowa ndiye mwaziphika. Ngati mtedza ukhalitsa musananyamuke, usungeni m'makoko, mudzaswe ulendo utayandikira, osawaza madzi.

Nanga zosankhidwa zija? Apa ndi pamene timalakwitsana. Ena amazisinja kukhala nsinjiro zotchipa, ena amapatsa ana kunyumba, poti kutaya kumawawa. Komatu poizoni yense mwamuunjika m'menemo. Ziweto nazo ayi: nkhuku zimadwala, ndipo ng'ombe ikadya, poizoniyo amatulukira mu mkaka. Zikwirireni kapena zitentheni, ndipo mtengo wake muuwerengere pogula pomwe.