Mitu ya Nkhani ndi Nthawi za Aneni: Kubwezera Chiganizo Chathunthu m'Nthawi Yakale

1. Mawu otsogolera

Mphunzitsi akapatsa ophunzira mutu wa nkhani ya m'nyuzipepala kuti ausandutse chiganizo chathunthu cha nthawi yakale, ambiri amaganiza kuti ntchito yonse ndi kulowetsa -da- kapena -na- m'kati mwa mneni. M'pepala lino ndikufuna kuonetsa kuti njira imeneyi ndi yoperewera. Mneni wa Chichewa sangotiuza kuti kanthu kadachitika liti. Amatiuzanso ngati zotsatira zake zilipobe, ndiponso ngati kanthuko kadali pamzere weniweni wa nkhani kapena kankangochitika pambali. Mutu wa nkhani umabisa zonsezi, choncho wousandutsa ayenera kuzifufuza kaye asanasankhe mphatikiram'kati.

Nditsata nkhani imodzi yomwe makolo a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona ndi Eliya 25 akuikumbukira. Pa 2 Januwale 2023 boma lidalengeza kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre sizitsegulidwa pa tsiku lomwe lidaikidwa kaamba ka mliri wa kolera. Sukuluzo zidatsegulidwa pa 17 Januwale. Mitu ndi ziganizo za m'zitsanzo ndapeka ndekha potsata kalembedwe ka nyuzi zathu. Sindidazitape m'nyuzi ina iliyonse.

2. Mneni wa pamutu wa nkhani

Olemba mitu m'Chichewa amakonda mneni wopanda mphatikiram'kati wa nthawi: mgwirizanitsi wa mwininkhani amalunjika pa tsinde.

(1) Boma litseka sukulu kaamba ka kolera
(2) Mwana amwalira ndi kolera

Vuto loyamba nlakuti poyankhula tsiku ndi tsiku mneni wotere amaloza kutsogolo kwapafupi. Munthu akati "litseka", mokweza liwu pa phatikizo loyamba, womva amadziwa kuti sukulu sizinatsekedwe koma zitsekedwa posachedwa. Pamutu wa nkhani mawu omwewo amatanthauza kuti zachitika kale. Kholo la ku Mgona lomwe laona mutu (1) m'manja mwa wogulitsa nyuzi, koma silinawerenge nkhani yake, lingathe kuumva mbali zonse ziwiri, ndipo kusiyana kwake nkwakuti mwana apite kusukulu m'mawa umenewo kapena ayi.

Komabe (1) ndi (2) ali ndi chotithandiza. Wolemba akadafuna nthawi yatsopano yathayi akadalemba "latseka" ndi "wamwalira". Popeza sadatero, tikudziwa kuti matanthauzo otheka ndi awiri okha. Zinthu zimavuta kwambiri mwininkhani akakhala wa gulu lomwe mgwirizanitsi wake ndi a-, monga anthu ambiri, munthu mmodzi wolemekezedwa, kapena mayina oyamba ndi ma-.

(3) Aphunzitsi abweza ana
(4) Madzi asowa ku Chinsapo

Apa mgwirizanitsi a- ndi mphatikiram'kati -a- wa nthawi yathayi amamezana, ndipo papepala pamatsala a- mmodzi. "Abweza" angakhale wa nthawi yathayi (ana abwezedwa kale), wa m'tsogolo mwapafupi (awabweza mawa), kapena wa pamutu wa nkhani. Khutu limasiyanitsa chifukwa wa m'tsogolo amakweza liwu pa a- (ábweza) pomwe wa nthawi yathayi salikweza (abweza). Koma malamulo a kalembedwe omwe Bungwe la Chichewa lidatulutsa mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, salemba kukwera ndi kutsika kwa liwu. Motero mutu pawokha sungatiuze nthawi. Sitepe yoyamba nthawi zonse ndi kuwerenga ndime yoyamba ya nkhaniyo ndi kuona tsiku lomwe nyuziyo idatuluka.

3. Kusankha nthawi yakale yoyenera

Tikatsimikiza kuti mutu (1) ukunena zochitika kale, funso lachiwiri nlakuti: tikulemba liti, ndipo zinthu zili bwanji pa tsiku lomwe tikulembalo? Tiyerekeze ziganizo zinayi izi.

(5a) Boma latseka sukulu.
(5b) Boma linatseka sukulu.
(5c) Boma lidatseka sukulu.
(5d) Boma lidaatseka sukulu.

Chiganizo (5a) chidali choona pa 3 Januwale 2023, pakuti -a- amanena chochitika posachedwa chomwe zotsatira zake zikuonekabe. Kuchilemba lero ndi kunama, ngakhale kuti palibe lamulo la kalembedwe lomwe laswedwa, chifukwa wowerenga amva kuti zitseko nzotsekabe. Ichi ndi cholakwa chomwe ndimachipeza kawirikawiri m'ntchito za ophunzira: amaona "litseka", n'kusintha li- kukhala la-, n'kuganiza kuti amaliza.

Chiganizo (5b) chili ndi nkhope ziwiri. Liwu likakwera pa phatikizo lotsatira -na-, mneni amanena za lero lomwe, monga m'mawa uno. Likakwera pa -na- mwiniwake, amanena za kale. Papepala zonsezi zimafanana. Chiganizo (5c) chilibe chikayiko chotere, chifukwa -da- sanena za lero. Nchifukwa chake -da- ndi wothandiza polemba nkhani zoti zisungidwe, ngakhale kuti oyankhula ambiri, makamaka a kummwera ndi a m'mizinda, amagwiritsa ntchito -na- pa zonse ziwiri. M'makomboni a Lilongwe, momwe Mchewa wa ku Mitundu amayandikana nyumba ndi anthu ochokera ku Thyolo kapena ku Mzimba, -na- ndi -da- amamveka pa mjigo umodzi. Sindikuona chifukwa chonenera kuti -na- ndi wolakwa; chofunika nchakuti wolemba -na- aikepo tsiku.

Chiganizo (5d), chomwe chili ndi a wotalika, chimanena zinthu zomwe zidachitika koma zidasinthanso pambuyo pake: lidaatseka, koma zidatsegulidwa. Mark Hanna Watkins, m'buku lake la malamulo a Chichewa la mu 1937 lomwe adalemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda, adaona kale kuti Chichewa chimasiyanitsa nthawi yakale yomwe zotsatira zake zilipobe ndi ina yomwe zotsatira zake zidafafanizika. Olemba ambiri masiku ano salemba a wachiwiriyo, kotero (5c) ndi (5d) zimaoneka chimodzimodzi. Njira yotetezeka ndi kunena poyera zomwe zidatsatira.

Chomaliza, mutu umafupikitsa mfundo yeniyeniyo. Sukulu zidali kale patchuthi, ndipo chomwe boma lidachita ndi kuimitsa kutsegulira. Chiganizo chathunthu chiyenera kubwezera mfundoyi pamodzi ndi tsiku ndi malo:

(6) Pa 2 Januwale 2023 boma lidaimitsa kutsegulira kwa sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre kaamba ka kolera, ndipo sukuluzo zidatsegulidwa pa 17 Januwale.

4. Nkhani yosimbidwa ngati ikuchitika tsopano

Mtolankhani sakumana ndi mitu yokha. Mboni zomwe amacheza nazo zimasimba zakale ngati zikuchitika pamaso pake. Tiyerekeze mayi wa ku Eliya 25 akusimba za m'mawa wa pa 3 Januwale.

(7) Ndikudzuka, ndikumusambitsa mwana. Kunja mvula ikuwaza. Tikufika pasukulu, geti nlotseka, ana ena abwerera kale. Mlonda akuti, "Sitikutsegula lero, mumva pa wailesi." Ine n'kubwerera.

Aneni asanu pano ali ndi -ku- kunja kwa mawu a mlonda, koma sagwira ntchito imodzi. Wophunzira wosasamala amasintha -ku- aliyense kukhala -da-, n'kulemba kuti "mvula idawaza", "adafika pasukulu", ndiponso "ana adabwerera". Ziganizo zotere zimandandalika zinthu ngati zidachitika motsatana: mvula idagwa n'kukata, mayi adafika, kenaka ana adabwerera. Izi sizomwe mayiwo adanena. Kusandutsa koyenera ndi uku:

(8) Mayiwo adadzuka n'kumusambitsa mwana. Kunja mvula inkawaza. Atafika pasukulu adapeza geti lili lotseka, ana ena atabwerera kale. Mlonda adawauza kuti sakutsegula tsiku limenelo, ndipo kuti amva pa wailesi. Mayiwo adabwerera.

Tionepo zinthu zinayi. Choyamba, -da- wapita kwa aneni okhawo omwe akusuntha nkhani: adadzuka, adapeza, adawauza, adabwerera. Pomwe zochita ziwiri za munthu mmodzi zatsatana, chachiwiri chatenga n'ku-, yemwe alibe nthawi yakeyake koma amabwereka kwa mneni wam'mbuyo. Pano pali msampha wa kalembedwe: "ndikumusambitsa" angakhale ndi- woimira woyankhula pamodzi ndi -ku-, kapena mlumikizi ndi wotsatiridwa ndi ku-. Kulemba n'ku- pa tanthauzo lachiwirili kumachotsa chikayikocho.

Chachiwiri, chomwe chinkachitika pambali chatenga -nka-. Tikadatha kulemba "imawaza", koma -ma- papepala angamvekenso ngati chizolowezi cha masiku onse, pakuti pamenepanso liwu lokha ndilo limasiyanitsa. Chachitatu, zomwe zidachitika mayiwo asanafike zatenga -ta-: ana atabwerera kale. Njira yoyesera ndi kufunsa kuti, "Kodi ichi chidachitika pambuyo pa mneni wam'mbuyoyo, pa nthawi yomweyo, kapena chidali chitachitika kale?" Mayankho atatuwo ndiwo -da-, -nka- ndi -ta-.

Chachinayi ndicho chimasokoneza kwambiri anthu ophunzira. M'Chingerezi, zoyankhula mwini zikasanduka zoyankhula wina, mneni amabwerera m'mbuyo ndi sitepe imodzi. Chichewa sichitero. Pambuyo pa "adawauza kuti", nthawi imawerengedwa kuchokera pomwe mlonda ankayankhula, choncho "sitikutsegula" wangosanduka "sakutsegula", ndipo "mumva" wasanduka "amva". Zosintha ndi mgwirizanitsi ndi mawu oloza tsiku: lero asanduka tsiku limenelo, mawa asanduka mawa lake, dzulo asanduka dzulo lake. Wolemba kuti "adawauza kuti sankatsegula" wasintha uthenga, pakuti tsopano mlonda akuoneka ngati akusimba za chizolowezi cha zaka zam'mbuyo. Wolemba kuti "akadamva pa wailesi" wasandutsa lonjezo kukhala chinthu chomwe chidalephereka.

5. Zofunika kuziganizira

Kwa okonza mabuku a sukulu, pempho langa nlakuti ntchito yosandutsa mitu isaperekedwe popanda tsiku la nyuzi, tsiku lomwe wophunzira akuyerekeza kuti akulemba, ndi ndime yoyamba ya nkhaniyo. Popanda zitatuzi, mutu ngati (3) uli ndi mayankho oona angapo, ndipo mphunzitsi wochonga limodzi lokha amalanga mwana wodziwa bwino chiyankhulo chake.

Kwa akonzi a nyuzi, mutu wonena za m'tsogolo uzikhala ndi chizindikiro chake, monga -dza- kapena mawu oloza tsiku: "Sukulu zitsegulidwa Lachiwiri". Mneni wopanda chizindikiro asiyidwire zochitika kale.

Kwa oona za kalembedwe, sindikupempha kuti phatikizo lililonse lilembedwe ndi chizindikiro cha liwu, pakuti zimenezo zingalemetse wowerenga. Koma malo atatu omwe taona, a- wa nthawi yathayi ndi wa m'tsogolo, -na- wa lero ndi wa kale, ndiponso -ma- wa chizolowezi ndi wa nthawi yakale, ndi ochepa mokwanira kuti chizindikiro chimodzi chiloledwe pomwe chiganizo chingamveke pawiri. Chiyambi chabwino chingakhale kuyesa mitu ya mtundu wa (3) ndi (4) pa owerenga a ku Biwi kapena ku Eliya 23, ina yokhala ndi chizindikiro ina yopanda, n'kuona ngati chizindikirocho chikuwathandizadi kumva nthawi yomwe wolemba adafuna.