Ziro mmodzi amene amasokoneza buku la malonda

Tiyerekeze kuti golosale ina imalemba mapaketi a shuga amene yagulitsa tsiku lililonse. Sabata ino m'buku muli 38, 41, 40, 44, 39, 410 ndi 42. Diso likuthamangira pa 410 paja. Koma amene ali ndi katundu wa mitundu mazanamazana sangayang'ane mzere uliwonse, ndiye pamafunika muyezo woti uzimusonyeza pokayikitsa.

Ambiri amathamangira avereji, koma iyo imakokedwa ndi nambala yomwe tikuikayikirayo. Pano avereji ndi 93, chikhalirecho palibe tsiku limene shuga anayenda chomwecho. Chodalirika ndi nambala ya pakati. Mukandandalika manambalawa kuyambira yaing'ono, yapakati ndi 41, ndipo ikhalabe 41 ngakhale 410 uja atakhala 4,100. Pakompyuta, mu Excel, mumalemba:

```
=MEDIAN(B2:B8)
```

Kenako onani mmene tsiku lililonse latalikirana ndi 41. Mupeza 3, 0, 1, 3, 2, 369 ndi 1, ndipo yapakati mwa izi ndi 2. Ndiye kuti malonda a shuga pagolosalepa amakwera kapena kutsika ndi mapaketi awiri basi. Muyezo wodziwika umati kutalikirana kukaposa pamenepa kasanu, tsikulo lifufuzidwe. Apa malire ali pa 31 ndi 51.

Masamu amathera pomwepo. Amaloza tsiku, koma sanena ngati shugayo anatulukadi pakhomo. Mwinatu munthu wokonzekera ukwati kapena wophika mandasi ambiri anabwera n'kusesa shelefu yonse.

Yambani ndi maonekedwe a nambalayo: 410 ndi 41 wokhala ndi ziro kumapeto, chizindikiro cha chala chimene chinaterereka. Komabe uku n'kukayikira chabe, umboni uli m'sitoko. Ngati m'mawa munali mapaketi 150 ndipo oda sanabwere, 410 sangagulitsidwe. Pa ndalama chenjerani: kompyuta imachulukitsa mtengo ndi nambala imene yalembedwa, choncho ndalama za pasikirini zidzagwirizana ndi cholakwikacho. Werengani zenizeni za m'kabati, kuphatikizapo zolowa pa Mpamba ndi Airtel Money. Onaninso malisiti. Chikhamu cha ogula chimasiya malisiti ambiri, ndipo mafuta ophikira, masamba a tiyi ndi buledi nazonso zimakwera. Lisiti limodzi la mapaketi 370 likutanthauza wogula mmodzi wamkulu, amene wogulitsa sangamuiwale.

Pakutha pa mwezi, anthu akalandira, kapena pa Khirisimasi, muyezowu udzaloza masiku osalakwa. Masiku otero ayerekezedwe ndi anzawo a miyezi yapitayo, osati ndi Lachiwiri wamba. Palinso zolakwika zimene umaphonya: wolemba 34 m'malo mwa 43 amadutsa bwinobwino chifukwa ali mkati mwa malire. Zotere zimagwidwa powerenga katundu, ndipo kusiyana kwake kukagawika ndi 9, kayikirani manambala osinthanitsidwa.

Mukapeza kuti 410 ndi wolakwika, musafufute. Lembani 41 pambali pake, ndi chifukwa chake. Akakhala woona asiyeni, koma musamuwerengere pokonza oda ya sabata yamawa.