Ndalama Itsogole Kapena Katundu? Mutu Umene Umazunguza Ogulitsa pa Foni

Malonda ambiri a m'tauni masiku ano alibe benchi, alibe shopu. Munthu amajambula nsapato, mawigi, zovala za kaunjika zochapa bwino kapena mafuta odzola, n'kuika zithunzizo pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mtengo akagwirizana, pamatsala funso limene limathetsa malonda ambiri asanayambe: ndani ayambe kukhulupirira mnzake? Wogula akuopa kutumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo. Wogulitsa naye akuopa kutulutsa katundu m'nyumba ndalama asanaione.

Njira zodziwika zilipo zitatu. Wogula akhoza kulipira pamanja katundu akafika, akhoza kutumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena kudzera ku banki. Ambiri amasankha poyang'ana ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa. Koma imeneyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi imene imapita malonda akalephereka pa njira. Chofunika kuwerengera choyamba n'chakuti katundu akabwerera osagulidwa, ulendo wake walipira ndani.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe amene amagulitsa nsapato. Peyala imodzi amaoda pa K28,000 ndipo amagulitsa pa K40,000, phindu lake K12,000. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, poti ya lero si ya mawa, koma masamu ake ndi omwewo. Tsiku limodzi walandira maoda atatu: wina ali ku Area 36, wina ku Mzuzu, ndipo wachitatu ndi mwini shopu ku Limbe amene akufuna mapeyala 20.

Wa ku Area 36 akuti alipira akaziona. Pempho lakelo n'lomveka. Nsapato ya pa chithunzi siyezedwa, ndipo sayizi 40 ya kampani ina imathina pamene ya kampani ina imakhwepa. Kulipira pamanja kumachotsa mantha onsewa, n'chifukwa chake wogulitsa amene wangoyamba kumene, amene dzina lake silinamveke, amapeza nako makasitomala msanga. Ndalama yake ilibenso chodulidwa, ilibe za netiweki.

Koma taonani zimene zimachitika wakabaza akanyamuka. Tinene kuti kupita ndi kubwerera ndi K6,000. Akafika pa siteji imene anagwirizana, foni ya kasitomala yazima. Kapena yayankhidwa, koma mwini wake akuti ali ku maliro, abwere mawa. Kapena wabwera, wayeza, n'kunena kuti mtundu wake si umene anauona pa chithunzi, ndipo atenga pokhapokha mtengo utsike kufika pa K33,000. Apa kasitomala ali ndi mphamvu zonse, chifukwa akudziwa kuti katundu wayenda kale. Mayi uja akakana, theka la phindu la peyala imodzi lapsa popanda chogulitsidwa. Akakumana ndi awiri otere pa tsiku, ndiye kuti peyala ina yonse wagulitsira wakabaza.

Palinso ndalama imene ili m'thumba la munthu wina. Wakabaza wodziwika, wa pa siteji ya kwanu, amene mumadziwa kumene amagona, ndi chuma. Wongomuimika pamsewu n'kumupatsa nsapato kuti abwere ndi K40,000 ndi nkhani ina. Ngakhale wokhulupirikayo amavutika ndi chenji, ndipo madzulo sangathe kuyang'anitsitsa pepala lililonse ngati ndi lenileni.

Ogulitsa amene akhalitsa pa malondawa sakana kulipira pamanja, koma amakudula pakati. Kasitomala amayamba watumiza ya thiransipoti pa foni, yotsalayo adzapereka akayeza. Munthu amene watumiza K6,000 yake sazimitsa foni. Amene akukana ngakhale kandalama aka, nthawi zambiri anali kungofunsa mtengo, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi njinga isanalire. Ena amapita patsogolo: wakabaza akafika, kasitomala amatumiza yotsalayo pa nambala ya wogulitsa, wogulitsa n'kuimba kuti yalowa, katundu n'kuperekedwa. Wakabaza sagwira ndalama ya katundu ngakhale pang'ono.

Oda ya ku Mzuzu ndi yosiyana. Pakati pa mizinda iwiriyi pali makilomita oposa 350, ndipo phukusi liyenda pa basi kapena ndi akampani onyamula katundu. Tinene kuti ulendo umodzi ndi K7,000. Likakanidwa n'kubwerera, yapita ndi K14,000, kuposa phindu lonse, ndipo nsapatozo zatha masiku zili pa njira pamene zikanagulidwa ndi wina. Apa kulipira katundu akafika kulibe nzeru, pokhapokha ngati ku Mzuzuko kuli m'bale wodalirika amene angalandire phukusi n'kukumana ndi wogula. Kupanda apo, ndalama iyenera kutsogola, ndipo njira yachangu ndi ya pa foni.

Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, ndipo lero maejenti ali paliponse, mpaka m'misika ya kumidzi kumene nthambi ya banki kulibe. Wogula safunika foni yapamwamba. *211# kapena *444# ndi zokwanira. Ndalama imalowa nthawi yomweyo, usiku kapena Lamulungu.

Vuto lalikulu la njirayi si makinawo, koma changu cha wogulitsa. Akuba amadziwa kuti munthu amene akudikira ndalama amakhulupirira uthenga uliwonse wofanana ndi umene akuuyembekezera. Amalemba uthenga wooneka ngati wa kampani, wokhala ndi dzina, ndalama ndi nambala ya malonda, n'kuutumiza kuchokera pa nambala wamba. Kenako amaimba mwachangu: ndatumiza, basi ikunyamuka, thamangani. Ena amatumiza chithunzi cha risiti chokonzedwa pa foni. Enanso amati atumiza yopitirira mwangozi, K60,000 m'malo mwa K47,000, ndiye muwabwezere yapamwambayo, pamene palibe ngakhale tambala imene yalowa.

Kuzindikira kwake n'kosavuta, kumangofuna kudekha. Uthenga weniweni umachokera ku dzina la kampani ndipo umagwera pamodzi ndi mauthenga akale a kampaniyo, osati pa nambala ya munthu. Koma umboni weniweni ndi balansi. Mayi uja ayenera kulowa yekha mu akaunti yake, aone kuti ndalama yakwera ndi K47,000, ndipo pokhapo amange phukusi. Wina akaimba kuti ndi wa ku kampani ndipo akufuna PIN kuti akonze vuto, ameneyo ndi mbava. PIN siuzidwa munthu aliyense. Ndipo ngati ndalama yalowadi molakwika, njira yabwino ndi yoti mwini wake adandaule ku kampani kuti ibwezedwe mwa dongosolo, osati kuitumiza pa nambala ina imene munthu akutchula pa foni.

Pali kankhani kena kamene kamayambanitsa anthu: ya kutapa. Kutumiza kuli ndi mtengo wake, kutapa kwa ejenti kulinso ndi wake, ndipo mitengoyi imakwera malinga ndi kukula kwa ndalama. Wogulitsa akanena K40,000 kenako n'kuwonjezera kuti muikeponso yotapira, kasitomala amamva ngati waberedwa. Ndi bwino kuiwerengera mu mtengo kuyambira pachiyambi. Komanso si ndalama yonse imene iyenera kutapidwa. Ngati wooda katundu, wakabaza, magetsi ndi madzi zikulipirika pa foni pomwepo, kutapa n'kungodyetsa phindu.

Mantha a wogula wa ku Mzuzu nawo ndi oona, ndipo wogulitsa wanzeru amawayankha asanafunsidwe. Potumiza ndalama pamaoneka dzina la mwini nambala, choncho dzinalo ligwirizane ndi limene lili pa tsamba la malonda. Palibe chimene chimathawitsa kasitomala ngati kuuzidwa kuti atumize pa nambala ya mlamu. Phukusi likaperekedwa, chithunzi cha risiti ya onyamula katundu chipite nthawi yomweyo, pamodzi ndi nthawi imene lifike.

Tsopano wa ku Limbe. Mapeyala 20 pa mtengo wopikulitsa wa K35,000 ndi K700,000. Pepala lalikulu kwambiri la ndalama yathu ndi K5,000, limene linatuluka mu 2022, ndiye pamanja imeneyi ndi mapepala 140 oti munthu awerenge ndi kuyenda nawo mu minibasi. Pa foni ikhoza kudutsa, koma akaunti ya pa foni ili ndi malire a ndalama imene ingalowe ndi kusungidwa, ndipo ejenti wa pa kona akhoza kungoyankha kuti floti palibe, n'kuyamba kuyendayenda kutapa pang'onopang'ono, paliponse akudulidwa. Oda yotere malo ake ndi ku banki.

Kutumiza kwa ku banki sikufunanso kuima pa mzere. Wa National Bank ali ndi Mo626, mabanki enanso ali ndi njira zawo za pa foni, ndipo Natswitch inalumikiza mabanki ndi makampani a ndalama za pa foni kotero kuti ndalama imatha kuchoka kwina kupita kwina. Ubwino wina umene ogulitsa aang'ono sauganizira ndi sitetimenti. Tsiku lofuna ngongole yokulitsira bizinesi, pepala losonyeza ndalama zimene zakhala zikulowa mwezi ndi mwezi limalankhula kuposa kope la pamanja.

Msampha wake ndi nthawi. Ndalama yochokera ku banki yomweyo imaoneka pompopompo. Yochokera ku banki ina imadalira njira imene wotumiza wasankha: ina ndi yachangu, ina imadikira tsiku la ntchito, moti yotumizidwa Lachisanu madzulo ikhoza kuoneka Lolemba. Mpata umenewu ndi umene akamberembere amalowerapo. Amatumiza chikalata chosonyeza kuti alipira, n'kunena kuti mabanki amachedwa, inu tumizani katundu. Choopsa china chinali cheke. Munthu ankatha kuika cheke mu akaunti yanu, uthenga n'kubwera, koma ndalamayo sinkakhala yanu mpaka chekeyo itavomerezedwa, ikakanidwa, inkachotsedwa. Choncho choyang'ana ndi ndalama imene mungathe kutapa panopa, osati imene yangolembedwa. Mwini shopu weniweni sadandaula kudikira mpaka Lolemba. Amene akukakamiza kuti katoni ikwere basi ya usiku womwewo, pamene akauntiyo ili chete, akudziwa chimene akuchita.

Pa oda yaikulu chonchi wogula nayenso ali ndi chotaya, ndiye ambiri amagawa: theka poyamba kuti katundu asungidwe ndi kulongedzwa, theka linalo akaona kanema wa katoni yake ili pa ofesi ya onyamula katundu, isanakwezedwe. Akagulana kawiri katatu, zokambiranazi zimafupika zokha.

Pakutha pa tsikulo mayi wa ku Area 25 wagwiritsa ntchito njira zonse zitatu, ndipo ndalama zake zili malo atatu: m'chikwama, mu foni ndi ku banki. Apa m'pamene mpamba umasowera osabedwa ndi munthu, chifukwa ya m'chikwama imagula ndiwo, ya mu foni imagula mayunitsi. Kope limodzi lokhala ndi tsiku, katundu, njira yolipirira, nambala ya malonda ndi amene walipira thiransipoti limathandiza kuona zimenezi. Nambala yapadera ya bizinesi, yosiyana ndi imene achibale amapemphera thandizo, imathandizanso. Pakatha mwezi, kopelo lidzamuuza kuti ndi maoda angati olipira pamanja amene anabwerera, ndiponso madera ake, ndipo kumeneko wakabaza asadzapitenso ya thiransipoti isanalowe.