Wailesi siimva: kukonza phunziro la masamu la pa wailesi ndi pa foni ya mabatani

Mphunzitsi akaima kutsogolo kwa kalasi amaphunzitsa ndi maso. Akaona nkhope za ana zachita tsinya amabwereza, akaona onse akugwedeza mitu amapitirira. Koma mphunzitsi amene mawu ake akutuluka m'wailesi alibe mwayi umenewu. Sadziwa ngati ana amva, ngati mvula yayamba kusokosa pa malata, kapena ngati mabatire atha phunziro lili pakati. N'chifukwa chake chikonzekero cha phunziro la pa wailesi sichilembedwa ngati cha m'kalasi wamba. Zonse zimene mphunzitsi akanaziona ndi maso ziyenera kuganiziridwa kale ndi kulembedwa papepala phunziro lisanaulutsidwe.

Kuno kwathu njirayi si yachilendo. Ambiri akukumbukira pulogalamu ya Tikwere imene inayamba kumveka pa MBC mu 2008, yophunzitsa ana a makalasi oyambirira kwa mphindi 30, ndipo sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi manja osalira mabatire. Ku Zambia anali atayamba kale mu 2000 ndi pulogalamu ya Taonga Market, imene inkafikira ana osowa sukulu, ndipo gwero la zonsezi ndi maphunziro a masamu a pa wailesi amene anayesedwa ku Nicaragua m'zaka za m'ma 1970. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, Unduna wa Zamaphunziro unabwereranso ku wailesi, poti ana ambiri a kumudzi analibe kompyuta ngakhale intaneti.

Tiyeni titenge phunziro limodzi n'kuliona mwapafupi: kuchotsera mobwereka, kwa ana a Sitandade 3.

Choyamba kulemba ndi chizindikiro cha kakhozedwe, ndipo chikhale chimodzi basi: pomaliza phunziro mwana athe kupeza yankho la samu ngati 43 − 17. M'kalasi mphunzitsi akhoza kuphatikiza zinthu ziwiri kapena zitatu chifukwa amatha kubwerera m'mbuyo. Pa wailesi mwana akasochera pa mphindi yachisanu wasochereratu. Zipangizo nazo zikhale zoti aliyense azipeza osagula: timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi ndi luzi kapena mphira, tina tomasuka, ndi kope kapena pansi poyera polembapo ndi chala. Zipangizozi zilengezedwe pamathero a phunziro la dzulo lake. Mukangozitchula phunziro litayamba, theka la kalasi lithamangira kunja kukathyola timitengo, wailesi ikungoyankhula yokha.

Kenaka pepala ligawidwe m'magawo atatu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kumanzere kulembedwe zonena mphunzitsi wa m'wailesi, pakati zochita munthu amene ali ndi anawo (mphunzitsi, kholo kapena mkulu wawo wa ku sekondale), kumanja zochita ana. M'mbali mwake mulembedwe nthawi. Njira yachidule yoyesera chikonzekero ndi kuyang'ana gawo la kumanjalo: ngati papita mphindi ziwiri popanda cholembedwamo, ndiye kuti mwalemba ulaliki, si phunziro.

Mphindi 30 zikhoza kugawidwa motere. Ziwiri zoyamba ndi za nyimbo yoitanira ana ndi moni, pomwe wothandizira akukhazika ana ndi kuchuna wailesi. Zinayi zotsatira ndi zokumbutsa za mateni ndi mawani. Mphindi 10 zipite ku nkhani yatsopano, zitatu ku masewera oimirira ndi kuwomba m'manja kuti matupi atakasuke, zisanu ndi zitatu ku ntchito yoyeserera, ndipo zitatu zomaliza ku kubwereza ndi kupereka ntchito ya kunyumba.

Ntchito yeniyeni ili m'mphindi 10 zapakatizo. Mawu ake amamveka chonchi:

"Ana inu, ikani patsogolo panu mitolo inayi ndi timitengo titatu tomasuka. Aphunzitsi, yendani muone ngati aika." Apa wailesi ikhale chete, kapena ilize kanyimbo kopanda mawu, kwa masekondi 20. Kenaka: "Tikufuna kuchotsa timitengo 7 pa tomasukato. Kodi tikukwanira?" Masekondi anayi a chete, ana ayankhe kuti ayi, ndiyeno mawu a mwana wa m'wailesi atsimikize: "Ayi, tilipo titatu tokha!" Mphunzitsi wa m'wailesi apitirize: "Masulani mtolo umodzi. Werengani tomasuka tonse." Apa pafunika masekondi 40, chifukwa zala za mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sizimasula mfundo msanga. Funso lotsatira ndi limene olemba ambiri amalilumpha, chikhalirecho ndilo mtima wa phunziro lonse: "Mitolo yatsala ingati?" Mwana ayenera kunena ndi pakamwa pake kuti yatsala itatu, asanachotse kanthu kalikonse.

Mipata ya cheteyi siilembedwa mongoganizira. Wolemba amene wakhala yekha patebulo amaiona ngati yaitali, ndipo amaidula. Njira yake ndi kusonkhanitsa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, kuwawerengera phunzirolo mutatembenuka kuti musawaone, wina n'kumayesa nthawi ndi wotchi ya pa foni. Mpata uyesedwe ndi mwana wochedwerapo, osati wochangamuka. Ukachepa, mwana amamva yankho asanaganize, ndipo pakapita masiku amaphunzira kungodikira wailesi imuuze. Ukatalikitsa, kalasi imasanduka msika. Mudziwa kuti mpata wachepa mukamva ana akuyankha pamodzi ndi wailesi m'malo moitsogolera.

Palinso kachinthu kena kamene kamapunthwitsa aphunzitsi ozolowera choko: mawu oloza. "Nambala iyi tiichotse apa" alibe tanthauzo kwa munthu amene sakuona chala chanu. Pa wailesi muyenera kunena kuti "nambala ya kumanja, ya m'munsi". Ngati pali choti chilembedwe pa bolodi, chilembedwe phunziro lisanayambe, kuchokera m'buku la wothandizira.

Komabe ngakhale phunziro litakonzedwa bwino chotani, wailesi siimva. Mwana akhoza kufuula yankho lolakwa, iyo n'kuyankha mosangalala kuti "Mwakhoza!" Apa m'pamene foni imalowerera, ndipo sikufunika foni yapamwamba, ya mabatani yomweyi ikwanira.

Ku Botswana, sukulu zitatsekedwa mu 2020, bungwe la Young 1ove linayesa njira ziwiri pa mabanja zikwi zingapo. Ena ankangolandira uthenga wa masamu pa foni sabata iliyonse. Ena ankalandira uthengawo komanso kuimbiridwa ndi wophunzitsa kwa mphindi 15 mpaka 20. Pomaliza anapeza kuti uthenga wokha sunasinthe zambiri, koma ana oimbiridwa anapita patsogolo. Kwa ine phunziro lake ndi lomveka: kumwaza mauthenga si kuphunzitsa. Mwana amafuna munthu womumvetsera pamene akulakwitsa.

Choncho chikonzekero chathu chikhale ndi tsamba lachiwiri la foni. Uthenga upite kwa kholo tsiku lomwelo la phunziro, mwachitsanzo: "Masamu: mwana achotsere 43 - 17 ndi 61 - 28 ndi mitolo ya timitengo. Tidzaimba Lachinayi 5 koloko madzulo. Mwana akhale pafupi ndi kope lake." Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Koma chenjerani ndi chilembo cha ŵ chokhala ndi kachisoti: chikalowa chimodzi chokha, malire amatsika kufika pa zilembo 70, uthenga n'kugawika pawiri kapena patatu, mayunitsi n'kumapita. Lembani w wamba, kholo limva.

Masamu otumizawo asankhidwe mwanzeru, kuti yankho lolakwa lizikuuzani pamene pavuta. Yankho loona la 43 − 17 ndi 26. Mwana akanena 34, ndiye kuti sanabwereke n'komwe: waona kuti 3 sangachotse 7, watembenuza, wachotsa 3 pa 7. Ameneyu abwerere ku timitengo, aone ndi maso kuti titatu sitikukwanira. Akanena 36, wabwereka bwinobwino, wapeza 13 − 7, koma waiwala kuti mitolo yatsala itatu. Ameneyu ali pafupi, akungofunika funso lija la mitolo. Ana awiriwa onse alakwa, koma mankhwala awo ndi osiyana. Tsono onani samu ngati 42 − 17, imene imaoneka yofanana ndi inzakeyo: zolakwa ziwiri zonsezi zimatulutsa 35, ndipo mphunzitsi pa foni sangadziwe kuti mwana wagwera pati. Musanatumize samu, iyeseni kaye molakwitsa dala m'njira zonse ziwiri.

Poimba, yambani ndi mwini foni. "Mwaswera bwanji, mayi? Ndine mphunzitsi wa mwana wanu. Chonde tsegulani sipika kuti nanunso muzimva." Izi zimateteza mwana ndi mphunzitsi yemwe, komanso kholo limaphunzira kafunsidwe kake. Mwana akapereka yankho musathamangire kunena kuti wakhoza kapena walakwa. Mufunseni: "Tandiuza, unayambira pati?" Mukamva yankho likubwera mwaliwiro kwinaku kumbuyo kukumveka manong'onong'o, dziwani kuti mkulu wake akumuuzira. Mpatseni samu ina yatsopano pompo, ndipo pemphani mwaulemu kuti amusiye avutike nayo yekha.

Zovuta za foni n'zodziwika kwa aliyense. Nthawi zambiri foni imakhala m'thumba la bambo amene ali kumsika kapena kuganyu, mwina ili kotchajitsa, mwinanso netiweki imagwira pachulu pokha. N'chifukwa chake nthawi yoimba amasankha ndi kholo, osati mphunzitsi, ndipo kholo liuzidwe kuti likapeza foni lingofulasha, mphunzitsi aimbe. Mabanja opanda foni alumikizidwe ndi oyandikana nawo, ana atatu pa foni imodzi. Nkhani ya mayunitsi ikambidwe poyera ndi komiti ya sukulu phunziro lisanayambe. Kalasi ya ana 80, aliyense mphindi 15, ndi maola 20 pa sabata, ndipo palibe mphunzitsi angakwanitse zimenezo, nanji kulipira za m'thumba mwake. Choncho imbirani ana amene sakubwera kusukulu ndi amene zolakwa zawo mwaziona kale, ena onse awonedwe m'makope.

Kumene wailesi siigwira bwino, kapena nthawi youlutsira ikuwombana ndi ya phala, phunziro lijambulidwe pa memole khadi n'kuliza pa kasipika kotchajitsa ndi sola. Ubwino wake ndi woti wothandizira akhoza kuliimitsa ana akatsalira, chimene wailesi yeniyeni siilola.

Pansi pa chikonzekero musiye mizere ingapo yodziunika, ndipo musalembemo kuti "phunziro linayenda bwino". Lembani manambala: angati apeza 26, angati 34, angati 36. Ngati a 34 achuluka, aphunzitsi, musapite ku mutu wotsatira. Bwerezani timitengo mawa.